Fungo la nsomba ndi anyezi likakanirira m'manja, pathabwa ndi pamthiko: mafunso ndi mayankho

Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu anyezi sitisowa. Pa Lizulu, pa Bembeke ndi pa mphambano ya ku Tsangano amakhala ali milumilu m'mbali mwa msewu, ndipo nsomba nazo zimakwera kuchokera kunyanja kudzera ku Golomoti. Choncho pafupifupi khomo lililonse limadziwa vuto la manja onunkha usipa, thabwa lonunkha anyezi wadzana, ndi phala la mwana lomveka mlamba chifukwa cha mthiko. Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene amayi, ophika m'malesitilanti ndi ogulitsa nsomba amafunsa kawirikawiri. Mayankho ake onse atsamira pa mfundo imodzi: fungoli limakhala m'mafuta ndi m'zoterera zimene zatsalira, ndiye muyambe mwachotsa zimenezo, chowawasa chibwere pambuyo, kenaka chinthucho chiume bwinobwino.

Ndasamba m'manja ndi sopo kawiri konse koma nsomba ikumvekabe. Chalakwika n'chiyani?

Kawirikawiri sopo salakwa. Cholakwika chimakhala madzi amene munayambira, ndiponso malo amene sopoyo sanafikeko.

Mukamapala mamba ndi kutumbula nsomba, m'manja mumatsala zinthu zitatu: zoterera za pakhungu la nsombayo, magazi, ndi mafuta. Nsomba za m'nyanja yathu ino, monga chambo, utaka ndi usipa, zikangovuulidwa kumene sizinunkha kwambiri. Fungo limakula pamene mafuta ake ayamba kuwonongeka ndi mpweya, komanso pamene tizilombo tosaoneka ndi maso tayamba kuphwanya mnofu wake n'kutulutsa timadzi tonunkha totchedwa maamini. N'chifukwa chake nsomba imene yayenda tsiku lonse padzuwa kuchokera ku Mangochi imasiya fungo lamphamvu m'manja kuposa imene mwagula pagombe. Usipa wouma ndi kampango wowamba nazo zimakanirira chifukwa mafuta ake akhala pamphepo masabata angapo.

Mukathira madzi otentha poyamba, zoterera ndi magazi zija zimapsa pang'ono n'kumamatira, ngati mmene dzira limagwirira m'poto wotentha. Kutenthako kumadzutsanso fungo kuti lizimveka kwambiri. Ndiye sopo amangodutsa pamwamba. Kuwonjezera apo, anthu ambiri amatikita zikhatho zokha, pamene zonunkhazo zabisala m'kati mwa zikhadabo, m'mbali mwake, pakati pa zala ndi pansi pa mphete.

Nanga kasambidwe koyenera ndi kotani?

Vulani mphete ngati muli nayo. Tsukuluzani manja ndi madzi ozizira mpaka kuterera konse kutha ndipo palibe mamba amene akumamatira. Mukadutsitsa chala pakhungu chizigwira, chisamatsetsereke. Apo ndi pamene mutenge sopo, wamtanda yemweyu ndi wokwanira, ndi kutikita mpaka thovu, nthawi yoti muwerenge pang'onopang'ono kufika 20 kapena 30. Kandani chikhatho cha dzanja lina ndi zikhadabo kuti thovu lilowe pansi pake. Pano madzi ofunda alibe vuto, amathandiza kusungunula mafuta. Tsukuluzani.

Tsopano dulani ndimu pakati, finyirani theka limodzi m'manja, ndipo lowetsani nsonga za zala m'khoko lakelo muzizitembenuza momwemo. Dikirani mphindi imodzi, tsukuluzani ndi madzi ozizira, pukutani ndi nsalu yoyera. Nsalu yoyera ndikunenetsa, chifukwa kansalu ka kukhitchini kamene munapukutira muli mkati motumbula kadzakubwezerani fungo lonse lija.

Ndimu amagwira ntchito chifukwa ndi asidi. Maamini onunkha aja akakumana ndi asidi amasanduka mtundu wa mchere umene suuluka kupita kumphuno, ndipo umatsukika mosavuta ndi madzi. Ngakhale fungo lamatope la mlamba limachepa likakumana ndi chowawasa. Koma ndimu sachotsa mafuta. Mukamuthira pa manja amene akadali noninoni, mudzangomva ndimu ndi nsomba pamodzi, ndipo pakapita theka la ola ndimuyo adzazilala nsomba n'kutsala.

Mandimu akasowa ndigwiritse chiyani?

Chilichonse chowawasa chodyedwa. Viniga woyera amene ogulitsa tchipisi amathira mu saladi ndi wabwino kwambiri: supuni imodzi yaikulu m'chikhatho yakwana. Kumunsi kwa phiri, cha ku Golomoti, Mtakataka ndi Bwanje, kumene bwemba ndi malambe sizisowa, vikani pang'ono m'kapu ya madzi mpaka awawase ndipo musambe m'manja ndi madziwo. Madzi amene mwavuulamo mphale nawo amakhala atasasa ndipo amathandiza, bola mutsukuluze ndi madzi oyera pomaliza. Tomato wakupsa woti wayamba kufewa amathandizako ndithu, ngakhale mphamvu yake ndi yochepa.

Agogo ankasamba ndi phulusa. Kodi zimenezi n'zachikale chabe?

Agogowo ankadziwa chimene ankachita. Phulusa la nkhuni likanyowa limatulutsa mphamvu yomweyo imene timaidziwa m'chidulo, ndipo mphamvu imeneyo imasungunula mafuta. Komanso phulusa ndi lokhakhala pang'ono, ndiye limapala zimene zamamatira. Pamene palibe sopo, ine ndingasankhe phulusa kusiyana ndi kungosamba madzi okha.

Tengani lozizira, loyera, la nkhuni kapena zitsononkho, osati la pamoto pamene mwatenthapo majumbo, mabatire kapena matabwa opaka penti. Kachikhatho kamodzi n'kokwanira. Nyowetsani manja, tikitani kanthawi kochepa, tsukuluzani ndi madzi ambiri. Musalisiye pakhungu nthawi yaitali chifukwa limawalula, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene manja amakhala atauma kale ndi chisanu.

Chinthu chimodzi chimene chimadabwitsa anthu: potikita phulusa kapena soda pa manja a nsomba, fungo limatha kukwera kaye. Si kuti zalephereka. Phulusa limamasula maamini aja kuti auluke, pamene chowawasa chimawamanga. Ndiye pa nsomba dongosolo lake ndi ili: sopo kapena phulusa poyamba, kutsukuluza, ndimu pomaliza. Mukazitembenuza, phulusa lidzafafaniza ntchito ya ndimu.

Ndimagulitsa usipa ndi utaka pamsika tsiku lonse, madzi ndi ogula. Ndizitani amayi, poti madzulo ndimakayamwitsa mwana?

Pepani mayi, ntchito yanuyo ndi imene fungo limalowerera kwambiri, chifukwa manja amakhala m'mafuta a nsomba kuyambira m'mawa. Pamene madzi ndi ochepa, yambani ndi chinthu chouma. Tapani gaga wodzaza dzanja, mutikite m'manja mouma mpaka gagayo asinthe mtundu n'kuyamba kuumbika. Wamwa mafuta ameneyo, ndipo nkhuku zikadya. Mukatero sopo adzachita thovu msanga ndipo madzi a m'botolo la theka la lita adzakukwanirani, wina akukuthirirani pang'onopang'ono. Musasambe m'beseni limodzi lomwelo mobwerezabwereza, chifukwa mafuta amayandama pamwamba ndipo mukamatulutsa manja amakumataninso.

Wengani zikhadabo zikhale zazifupi. Potapa nsomba gwiritsani kambale koyezera m'malo mwa dzanja pamene zingatheke. Ndipo dziwani kuti nthawi zambiri chimene mwana amamva si manja, koma chitenje ndi bulauzi. Khalani ndi chitenje chapamsika chosiyana, muchivule musanamunyamule. Mukasamba ndi ndimu tsukuluzani bwino musanagwire bere kapena nkhope ya mwana, chifukwa asidi amalasa m'maso ndi pakhungu lanthete.

Anyezi nayenso achotsedwe chimodzimodzi?

Pang'ono pokha ndi pamene pali kusiyana. Anyezi wosadula sanunkha kwenikweni. Mpeni ukangong'amba timatumba ta m'kati mwake, timadzi tiwiri timene tinali tolekana timasakanikirana n'kupanga zinthu za sulufule. China mwa izo ndi chimene chimatulutsa misozi, zina ndi zimene zimatsala m'zala mpaka mawa. Adyo ali m'gulu lomweli ndipo iye ndiye amakanirira koposa. Zinthu za sulufulezi zimakonda mafuta kuposa madzi, choncho zimalowerera m'mafuta a pakhungu lathu.

Apa chofunika kwambiri ndi changu. Mukangomaliza kudula, anyezi asanalowe n'komwe m'poto, tsukuluzani manja ndi madzi ozizira. Kenaka sakanizani supuni yaing'ono ya mchere ndi thovu la sopo, mutikite makamaka chala chachikulu ndi chamkombaphala, poti ambiri a ife timadulira anyezi m'manja ndipo zala ziwirizi ndi zimene zimanyowa kwambiri. Soda wophikira thelere yemweyu, supuni yaing'ono yonyowetsa ndi timadzi, amachita bwino pa anyezi kuposa pa nsomba. Ndimu pomaliza amathandizabe, koma musayembekezere kuti afafaniza anyezi kamodzi n'kamodzi monga amachitira ndi nsomba. Ngati munadula anyezi wa ukwati, ndowa yathunthu, kafungo kena kadzatsalabe mpaka tsiku lotsatira, ndipo kupitiriza kukhula kumangowononga khungu.

Mpeni wakuthwa umachepetsa zonsezi. Wobuntha umaphwanya anyezi m'malo modula, madzi amatuluka ambiri, misozi ndi fungo n'kuchuluka.

Akuti kutikita supuni yachitsulo m'manja kumachotsa anyezi. N'zoona?

Ambiri amatero, ndipo sizipweteka munthu. Koma amatikita supuniyo kwinaku akuthira madzi ozizira kwa theka la mphindi, ndipo ine ndimaona kuti madziwo ndi kutikitako ndi zimene zikugwira ntchito yaikulu. Supuni siilowa pansi pa chikhadabo. Yesani mukafuna, koma sopo ndi mchere musazisiye.

Manja anga ndi ong'ambikang'ambika nyengo yozizira. Ndimu ndi mchere zimandilasa kwambiri.

Zisiyeni kaye, pamodzi ndi phulusa. Gwiritsani gaga, madzi ozizira, kenaka sopo ndi madzi ofunda, kawiri ngati kuli kofunika, ndipo mudzole mafuta mukamaliza. Ngati muli ndi bala loonekera, makamaka lobayidwa ndi minga ya mlamba kapena kampango, litsukeni ndi sopo nthawi yomweyo ndipo mulimange musanapitirize. Likatupa, kufiira kapena kutentha, pitani kuchipatala.

Kwa amene khungu lawo lili bwino, chenjezo ndi lakuti madzi a ndimu asaumire pakhungu mukupita padzuwa. Amatha kuwaula khungu ndi kusiya zipsera zakuda zimene zimatenga miyezi kuti zithe. Jiki ndi sopo waufa wochapira zovala musazigwiritse posamba m'manja pofuna kuthana ndi fungo.

Thabwa langa lodulirapo ndi la paini. Ndinatumbulirapo mlamba m'mawa, ndinalitsuka madzulo, pano chilichonse chimene ndaduliraponso chikununkha. Lingapulumuke?

Lingapulumuke, koma likufuna masiku awiri. Matabwa ambiri kuno ndi a paini chifukwa mitengoyi ndi imene tili nayo ku phiri la Dedza ndi ku Chongoni, ndipo akalipentala amatipatsa zidutswa zotsala. Paini ndi wofewa. Mpeni umasiya timizere takuya, ndipo thabwa louma limamwa madzi a nsomba msanga, makamaka kumapeto kwake kumene macheka anadutsa. Mlamba ndi nsomba yamafuta ndiponso yoterera kwambiri, ndiye maola asanu ndi atatu kapena khumi amene linakhala osatsuka anapatsa mafutawo mpata wolowa.

Tiyerekeze kuti thabwa lanu ndi la masentimita 40 m'litali ndi 25 m'lifupi. Yambani ndi kulipala louma ndi msana wa mpeni, motsata mmene mizere ya mtengo yayendera. Mudzaona tizinthu totuwa tikutuluka m'timizere ta mpeni tija, tofewa ngati phula. Fungo lambiri lili mmenemo. Tsukuluzani ndi madzi ozizira. Kenaka litsukeni ndi sopo ndi madzi otentha pogwiritsa burashi yolimba, mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete monse. Musaliviike m'beseni. Thabwa lovikidwa limafufuma, madzi onunkhawo amalowa mozama, ndipo pouma limapindika kapena kung'aluka.

Lipukuteni lisakhale lodontha. Wazani masupuni atatu aakulu a mchere, wamiyala ndiye wabwino chifukwa suchedwa kupala ndipo susungunuka msanga. Tengani theka la ndimu, mbali yodulayo iyang'ane pansi, muzikhula nalo mcherewo uku mukufinya pang'onopang'ono. Pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu mcherewo udzasanduka phala lotuwa. Lisiyeni pathabwapo mphindi 10 mpaka 15, kenaka palani ndi msana wa mpeni, tsukuluzani, pukutani. Ngati mandimu palibe, nyowetsani mcherewo ndi masupuni awiri a viniga ndipo mukhule ndi burashi.

Tsopano kuumitsa, kumene anthu ambiri amalakwitsa. Liimikeni chilili pathandala kuti mphepo izidutsa mbali zonse. Mukaligoneka, mbali yapansi imakhala yonyowa mpaka mawa ndipo imayamba fungo lina la chinyontho. Maola awiri kapena atatu padzuwa ndi okwanira, mukulitembenuza kamodzi, kenaka limalizire pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa la mu Okutobala la tsiku lonse likhoza kuling'amba.

Mawa lake liyeseni. Kununkhiza thabwa louma kumanamiza, chifukwa fungo limagona mtengo ukauma. Donthezani madzi ofunda pang'ono pakati pake, dikirani mphindi imodzi, ndiye mununkhize. Ngati mukumva mtengo wokha, mwatha. Ngati mlamba akumvekabe chapatali, sakanizani masupuni atatu a soda ndi supuni imodzi ya madzi, pakani phala limeneli pathabwa lonse, lisiyeni theka la ola, khulani ndi kutsukuluza. Mukatsukuluza bwino, pukutani ndi kansalu konyowetsa viniga ndipo muliumitsenso. Soda amatha kudetsa mtengo pang'ono, zimenezo zisakudetseni nkhawa.

Likakanikabe pambuyo pa zonsezi, ndiye kuti mafuta alowa kupitirira pamene mchere ungafike. Pitani nalo kwa kalipentala alipale ndi puleni milimita imodzi kapena awiri, kapena likhuleni nokha ndi sandipepa mpaka timizere ta mpeni titafafanizika.

Bwanji osangosakaniza soda ndi viniga pamodzi? Ndimaona zikuchita thovu lamphamvu.

Thovulo ndi chizindikiro chakuti ziwirizo zikuphana. Likatha, chotsala ndi madzi amchere opanda mphamvu ya soda kapena ya viniga. Gwiritsani chimodzi, tsukuluzani, kenaka chinacho.

Fungo likatha ndiye kuti thabwa layera, ndingadulirepo kabichi wa saladi?

Ayi, ndipo apa ndikupemphani musamale. Ndimu ndi mchere zimachotsa fungo, koma sizipha tizilombo tonse timene nsomba yaiwisi kapena nkhuku ingasiye. Mphuno siiona tizilombo. Ndiwo zophika zimatetezedwa ndi moto, koma kabichi, tomato ndi anyezi wa saladi zimachoka pathabwa kupita m'kamwa. Tonse tikukumbukira mmene kolera anavutira m'dziko muno mu 2022 ndi 2023, ndipo matenda otsegula m'mimba ena ambiri amayenda njira yomweyi.

Thabwa limene ladulirapo nsomba yaiwisi litsukidwe ndi sopo kaye, kenaka mulithire madzi owira kuchokera m'ketulo, mbali zonse. Njira ina ndi jiki wopanda zonunkhiritsa: supuni imodzi yaikulu m'malita 4 a madzi, kuthira pathabwa, kudikira mphindi ziwiri kapena zitatu, kutsukuluza ndi madzi oyera ndi kuumitsa. Jiki asakumane ndi viniga kapena ndimu ngakhale pang'ono, chifukwa zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wa kulorini umene umawotcha m'maso ndi m'chifuwa. Ngati mwagwiritsa ndimu lero, tsukuluzani kwambiri musanabweretse jiki, kapena mungosankha madzi owira.

Chabwino koposa ndi kukhala ndi matabwa awiri. Lansomba ndi nyama muliboole kabowo pakona kapena mulitenthe chizindikiro ndi msomali wamoto kuti ngakhale mwana wotumidwa asasokoneze.

Thabwa lapulasitiki silili bwino kuposa lamtengo?

Likadali latsopano ndi losavuta, chifukwa silimwa madzi ndipo mukhoza kuliviika m'madzi a jiki osaopa kuti ling'aluka. Koma pulasitiki imakondana ndi mafuta, ndiye anyezi ndi nsomba zimaigwira ndithu, ndipo likakalamba timizere ta mpeni timachita nyenyeswa zosunga litsiro zimene burashi siifika. Lotero ndi lotaya. Phala la soda lija limachita bwino pa pulasitiki, ndipo mukhoza kulisiya usiku wonse. Pa zamtengo, ngati mungapeze chidutswa cha mtengo wolimba monga mlombwa kapena mbawa, chidzasunga fungo lochepa poyerekeza ndi paini.

Ndinatakasa ndiwo za usipa ndi mthiko wa nsima, pano phala la mwana likumveka nsomba. Ndichite bwanji?

Mthiko umavuta kuposa thabwa pa chifukwa chimodzi: umalowa m'mafuta otentha. Mtengo ukatentha umamwa mafutawo limodzi ndi fungo la usipa, anyezi ndi tomato, ndipo ukadzalowanso m'phala lowira umawalavula. Phala lilibe fungo lamphamvu lobisa zimenezi, n'chifukwa chake mwana amakana msanga.

Kuti mudziwe kukula kwa vuto, thirani madzi owira m'kapu yoyera, imikanimo mutu wa mthikowo mphindi zisanu, kenaka yang'anani pamwamba pa madziwo moyang'anizana ndi kuwala. Mukaona timadontho ta mafuta tikuyandama ndipo madziwo achita chikasu, ndi zimenezo zimene zimapita m'phala.

Tsukani mthikowo ndi sopo ndi burashi. Wiritsani madzi okwana lita imodzi m'poto woyera, thiranimo supuni imodzi yaikulu ya soda, ikanimo mutu wa mthiko uwire pang'onopang'ono mphindi zisanu kapena khumi. Tayani madziwo, tsukaninso mthiko ndi sopo ukadali wotentha kuti mafuta amene atuluka asabwerere, kenaka ukhuleni ndi mchere ndi ndimu monga thabwa lija. Tsukuluzani, pukutani, uumitseni mutu uli m'mwamba. Bwerezani kuyesa kwa m'kapu kuja mawa lake. Kuwiritsaku ndi kwa nthawi imene zinthu zavuta, osati sabata ndi sabata, chifukwa kumaumitsa mtengo ndi kuung'amba.

Chipande chimene chinatapa ndiwo chichitidwe chimodzimodzi, ndipo muyang'anitsitse m'kati mwa dzenje lake ndi polumikizana ndi chogwirira. Mtondo waung'ono umene mumasinjamo adyo ndi tsabola suwiritsika, ndiye mukautsuka ndi kuuma, sinjanimo gaga wouma kawiri kapena katatu n'kumutaya musanasinjemo nsinjiro.

Koma kunena zoona, mthiko ndi wotsika mtengo poyerekeza ndi mavuto onsewa. Amayi athu ankasiyanitsa mthiko wa nsima ndi wa ndiwo pa chifukwa chomveka. Wa phala la mwana ukhale wakewake, waung'ono, wolembedwa chizindikiro pachogwirira.

Nyengo ya mvula ndi ya nkhungu zinthu zamtengo siziuma. Zikuyamba kununkha ngakhale sindinadulirepo nsomba.

Limeneli ndi vuto lathu lenileni kumapiri kuno. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo masiku a mawawa ndi nkhungu thandala silithandiza. Fungo lonyowalo ndi chiyambi cha chuku. Pukutani thabwa ndi mithiko ndi nsalu youma mukangotsuka, osazisiya zikudontha, ndipo muziimike pafupi ndi mbaula kapena mafuwa pamene moto wazilala, kutali koti dzanja lanu likhoza kukhalapo osapsa. Kufupi kwambiri mbali imodzi imauma msanga ndipo thabwa limapindika. Musazitsekere m'kabati kapena m'ndowa yovundikira zisanaume, ndiponso mithiko isaime mitu ili pansi m'chitini chimene m'munsi mwake mumadikha madzi. Kuipachika pakhoma ndi kachingwe ndi bwino kwambiri.

Ndingalipake mafuta ophikira thabwa kuti lisamamwe madzi?

Musatero. Mafuta ophikira akakhala mumtengo amawonongeka n'kuyamba fungo lawolawo, lofanana ndi la chiwaya chakale, ndipo limenelo kulichotsa n'kovuta kuposa la nsomba. Ngati mungapeze phula la njuchi loyera, litenthetseni pang'ono, lipakeni mopyapyala pathabwa louma bwino ndipo mulipukute ndi nsalu mpaka lisamamate.

Njira yaulere ndi kunyowetsa thabwa ndi madzi ozizira musanayambe kudula nsomba kapena anyezi, n'kungolikutumula. Mtengo umene wamwa kale madzi oyera sumwanso msanga madzi a nsomba. Potumbula, yalani tsamba la nthochi pamwamba pake kuti matumbo ndi magazi zigwere pamenepo. Ndipo mukamaliza, thabwa ndi mpeni zitsukidwe nsomba isanapse. Mphindi zisanu zoyambazo zimaposa kukhula konse kwa mawa.

Ndidziwa bwanji kuti thabwa kapena mthiko watha ntchito?

Yang'anani ming'alu. Mng'alu woti chikhadabo chikulowamo umasunga zakudya zimene simungazifike ndi burashi, mchere kapena madzi owira. Madontho akuda amene sakuchoka ngakhale mutapala, amenewo ndi chuku chimene chalowa m'kati. Mthiko umene mutu wake wayamba kufumbutuka, wachita tiulusi, kapena uli ndi timabowo ta anankafumbwe a mumtengo, nawonso wakwana. Thabwa lochindikala lopanda mng'alu limapalika kangapo lisanathe, koma long'aluka pakati musalimate ndi guluu wamba n'kumaduliraponso chakudya. Ngati ndi mtengo wosapaka penti kapena vanishi, likhoza kupita pamoto ngati nkhuni.